Kupeza pakati pa kulemera kwa lata lokhala ndi bowo lozungulira, lojambulidwa pa pepala la timabokosi

Madzulo ndimathandiza ophunzira angapo a kuno ku Zomba pa masamu ndi fizikisi, ena a sekondale ochokera ku Chinamwali ndi ku Matawale, ena ongoyamba kumene ku Yunivesite ya Malawi, ndipo pali funso limodzi limene ambiri amalidziwa njira yake koma n'kulephera yankho. Mwapatsidwa chithunzi cha lata laphanthiphanthi chojambulidwa pa pepala la timabokosi, lata lopangidwa ndi zigawo ziwiri kapena zitatu zolumikizana, ndipo penapake labooledwa bowo lozungulira. Tsono mukufunsidwa kuti mupeze pakati pa kulemera kwake. Malo amenewa ndi pamodzi paja pamene mutaika nsonga ya chala kunsi kwake, latalo lingakhazikike osapendekera mbali iliyonse, ndipo m'mabuku amawatchula ndi chilembo G. Ndifotokoza njira yonse pa chitsanzo chimodzi, ndipo ndikhalitsa pa bowo chifukwa ndi pamene mayankho ambiri amasokonekera.

Ganizo loyenera kuligwira musanayambe

Aliyense amene waonapo amayi akutsika kuphiri la Zomba ndi mitolo italiitali ya nkhuni akudziwa kuti nkhata siikidwa pakati penipeni pa kutalika kwa mtolo, koma imayandikira mbali ya matsinde kumene kuli kolemera. Mbali yolemera imakhala pafupi ndi mutu, mbali yopepuka imakhala patali, ndipo mtolo umakhazikika. Chimene chikufanana mbali ziwirizo si kulemera pakokha ayi, koma kulemera kochulukitsidwa ndi mtunda, ndipo chimenechi ndicho chimatchedwa momenti. Masamu onse a funso lathu atsamira pa mfundo yakuti momenti ya chinthu chathunthu ndi yofanana ndi mamomenti a zigawo zake ataphatikizidwa.

Pa lata sitichita kudziwa makilogalamu a chigawo chilichonse. Ngati latalo ndi la chitsulo chimodzimodzi ndipo kuchindikala kwake n'kofanana paliponse, ndiye kuti kabokosi kalikonse ka pachithunzi kakulemera chimodzimodzi ndi kanzake, choncho chigawo chokhala ndi eliya yowirikiza kawiri chimalemeranso kowirikiza kawiri. Pachifukwa chimenechi timaika eliya m'malo mwa kulemera, ndipo yankho silisintha.

Kujambula chitsanzo ndi kusankha poyambira

Tengani pepala la gilafu, rula, kampasi ndi pensulo yosongoka bwino, ndipo tigwirizane kuti kabokosi kamodzi ndi sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi. Jambulani rekitango ya timabokosi 12 chogona ndi 8 choimirira. Kudzanja lamanja kwake lumikizani thirayango ya ngodya yowongoka, imene mbali yake yoimirira ndi mbali yomweyo ya rekitango ya timabokosi 8, ndipo tsinde lake likupitirira pansi timabokosi 6 kulowera kumanja. Kenaka ikani nsonga ya kampasi pamalo amene ali timabokosi 4 kuchokera kumanzere ndi timabokosi 5 kuchokera pansi, tambasulani kampasiyo timabokosi 2, ndipo jambulani bowo.

Tsopano sankhani poyambira kuyeza, pamene tipatchula O. Mwamasamu mukhoza kusankha paliponse, koma ine ndimalangiza ngodya ya pansi kumanzere, chifukwa lata lonse limakhala kumanja ndi kumwamba kwa O, ndipo mitunda yonse imakhala yopanda chizindikiro cha kuchotsera. Zimenezi zili ndi phindu lalikulu: nambala yokhala ndi chizindikiro cha kuchotsera idzaoneka pa mzere wa bowo pokha, ndipo ikaoneka kwina mudzadziwa msanga kuti penapake palakwika. Lembani manambala pa mzere wogona wa x ndi mzere woimirira wa y. Samalani kuti mukuwerenga mipata osati mizere, pakuti mzere wodutsa pa O ndi 0 osati 1, ndipo amene ayamba kuwerenga 1 pa mzere woyambawo amapeza rekitango ya 13 ndi 9. Mukatero ngodya za latalo zikhala (0, 0), (18, 0), (12, 8) ndi (0, 8), ndipo pakati pa bowo ndi (4, 5).

Yambani ngati kuti bowo palibe

Apa ndi pamene njira yanga imasiyana pang'ono ndi zimene ophunzira ambiri amachita. Iwo amathira zonse m'fomula imodzi nthawi yomweyo, n'kupeza nambala imene alibe choiyerekezera nacho. Ine ndikupemphani kuti muyambe mwapeza pakati pa kulemera kwa lata losabooledwa, chifukwa yankho limeneli ndilo lidzakhale mboni ya yankho lomaliza.

Rekitango tiitenge yathunthu, bowo lisanabooledwe. Eliya yake ndi 12 × 8 = 96, ndipo pakati pake ndi pamene mizere yochokera ngodya ndi ngodya imadutsana, pa (6, 4). Eliya ya thirayango ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu, ½ × 6 × 8 = 24. Pakati pa kulemera kwa thirayango sipakhala pa theka la tsinde kapena la msinkhu, chifukwa chitsulo chambiri chili kumbali yotakata ndipo kunsonga kuli kochepa. Njira yovuta kuiwala ndi kuphatikiza manambala a ngodya zitatu zonse n'kugawa ndi 3. Ngodyazo ndi (12, 0), (18, 0) ndi (12, 8), choncho x ndi (12 + 18 + 12) ÷ 3 = 14, ndipo y ndi (0 + 0 + 8) ÷ 3 = 8/3, imene ili pafupifupi 2.67. Ndimakonda njira imeneyi kuposa kuloweza kuti ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a tsinde, chifukwa amene aloweza amaiwala mbali yoyambira kuyeza, ndipo amaika x pa 16 m'malo mwa 14, kapenanso amalemba 2 poiwala kuti thirayangoyo yayambira pa 12 osati pa O.

Chulukitsani eliya ya chigawo chilichonse ndi x wake. Rekitango ipereka 96 × 6 = 576, thirayango ipereka 24 × 14 = 336, ndipo zonse pamodzi ndi 912. Chitani chimodzimodzi ndi y: 96 × 4 = 384, ndi 24 × 8/3 = 64, pamodzi 448. Eliya yonse ndi 96 + 24 = 120. Mukagawa mupeza 912 ÷ 120 = 7.6 ndi 448 ÷ 120 = 3.73. Ikani kadontho pa (7.6, 3.73) ndipo mukatchule P. Onani kuti kadonthoka kali pakati pa (6, 4) ndi (14, 2.67), ndipo kayandikira kwambiri rekitango, monga kuyenera kukhalira popeza rekitango ndi yaikulu kanayi kuposa thirayango.

Musanagwire kakyuleta, nenani kumene G apite

Yang'anani chithunzi chanu. Bowo lili kumanzere kwa P ndiponso kumwamba kwake pang'ono. Mukachotsa chitsulo mbali imeneyo, mbaliyo ipepuka, ndipo pakati pa kulemera pasunthira kutali ndi bowo, kutanthauza kumanja ndi kumunsi. Choncho tisanawerengetse n'komwe tikudziwa kale kuti x wa yankho ayenera kuposa 7.6, ndipo y ayenera kuchepera 3.73. Lembani zimenezi m'mphepete mwa pepala. Kachizolowezi aka sikatenga ngakhale mphindi imodzi, koma kamagwira zolakwa zambiri zimene ndimaona m'makope.

Bowo ngati chigawo chochotsera

Taganizani za mmisiri wokhoma ndowa pamsika wa Zomba amene wadula kachitsulo kozungulira pa lata n'kukaika pambali. Lata losabooledwa lija ndi lata lotsala kuphatikiza kachitsulo kamene kadulidwako. Ngati zili choncho, momenti ya lata losabooledwa ndi momenti ya lata lotsala kuphatikiza momenti ya kachitsuloko, ndipo kuti tipeze ya lata lotsala tiyenera kuchotsera ya kachitsulo pa yathunthu. Tanthauzo la mawu akuti bowo lili ndi eliya yochotsera ndi lomweli basi: tinawerengera chitsulo chimene kulibe pamene tinatenga rekitango yathunthu, ndiye tsopano tikuchibweza. Kubwezako kuyenera kuchitika malo awiri, pa eliya ndi pa momenti, chifukwa pa malo awiri onsewo tinali titawerengera mopitirira.

Rediyasi ya bowo ndi 2, choncho eliya yake ndi π × 2² = 4π, imene ili pafupifupi 12.566. Pakati pake ndi (4, 5). Momenti yake pa x ndi 4π × 4 = 16π, pafupifupi 50.265, ndipo pa y ndi 4π × 5 = 20π, pafupifupi 62.832. Zonse tiziike pamodzi motere, kuti chizindikiro cha kuchotsera chioneke poyera:

```
              A         x      y      A·x       A·y
rekitango     96        6      4      576       384
thirayango    24        14     8/3    336       64
bowo         -12.566    4      5     -50.265   -62.832
zonse         107.434                 861.735   385.168
```

Onetsetsani kuti x ndi y wa bowo alibe chizindikiro cha kuchotsera, pakuti bowolo lili kumanja ndi kumwamba kwa O monga zigawo zina zonse. Chimene chili ndi chizindikirocho ndi eliya, ndipo mamomenti atengera kwa iyo. Tsopano gawani:

```
x = 861.735 ÷ 107.434 = 8.02
y = 385.168 ÷ 107.434 = 3.59
```

G ali pa (8.02, 3.59), kutanthauza masentimita 8.02 kuchokera kumanzere ndi masentimita 3.59 kuchokera pansi. Bwererani ku zimene munalemba m'mphepete: 8.02 aposa 7.6, ndipo 3.59 achepera 3.73, monga tinayembekezera. Ngati mayeso akuuzani kugwiritsa ntchito 22/7 m'malo mwa π, yankho la manambala awiri pambuyo pa kadontho likhala lomweli. Chimene ndikuletsani ndi kudulira manambala msanga, monga kulemba 13 m'malo mwa 12.566 kapena 2.7 m'malo mwa 8/3. Sungani manambala atatu pambuyo pa kadontho mpaka pogawa pomaliza.

Kutsimikiza yankho ndi rula

Pali umboni wachiwiri wamphamvu kuposa woyamba. Popeza lata losabooledwa ndi zigawo ziwiri zokha, kachitsulo kochotsedwa ndi lata lotsala, P ayenera kukhala pa mzere wowongoka wolumikiza pakati pa bowo ndi G, monga mmene nkhata imakhalira pakati pa mbali ziwiri za mtolo. Ikani rula pa (4, 5) ndi pa P, lembani mzere n'kuupitiriza kumanja, ndipo G wanu ayenera kugwera pa mzere umenewo, kuseri kwa P.

Kukula kwa kusunthako kungawerengedwenso padera. Gawani eliya ya bowo ndi eliya yotsala: 12.566 ÷ 107.434 = 0.117. Kuchokera pakati pa bowo kukafika pa P pali timabokosi 3.6 kumanja ndi timabokosi 1.267 kumunsi. Mukachulukitsa mitunda iwiriyi ndi 0.117 mupeza 0.42 kumanja ndi 0.148 kumunsi, ndipo mukayambira pa P mufika pa 7.6 + 0.42 = 8.02 ndi 3.733 − 0.148 = 3.585, amene ndi 3.59 yemwe uja. Njira imeneyi ikuonetsanso chinthu chimene ambiri sachiyembekezera, chakuti bowo looneka lalikulu ndithu pachithunzi lasuntha G mtunda wosakwana theka la kabokosi. Bowo limasuntha G kwambiri likakhala lalikulu komanso lili patali ndi P. Litakhala kuti labooledwa pa P penipeni, G sakanasuntha ngakhale pang'ono, kaya bowolo likule bwanji.

Zolakwa ndi mmene zimadziwikira

Cholakwa chofala kwambiri ndi kuphatikiza bowo ngati kuti ndi chitsulo chowonjezera. Pa chitsanzo chathu zimenezi zimapereka (7.26, 3.85), ndipo mungaone nthawi yomweyo kuti kadonthoko kasunthira kumanzere ndi kumwamba, kulondola bowo m'malo molithawa. Wina amachotsera momenti koma n'kugawa ndi 120, kuiwala kuti eliya nayo yachepa, ndipo amapeza x wa 7.18, amenenso achepera 7.6, choncho umboni woyamba uja umamugwira.

Cholakwa chobisika kuposa pamenepa ndi cha munthu amene wachotsera bowo pa eliya koma waiwala kulichotsera pa momenti. Iye amagawa 912 ndi 107.434 n'kupeza 8.49, ndipo popeza nambalayi iposa 7.6 amakhutira. Koma akagawa 448 ndi 107.434 apeza 4.17, kutanthauza kuti G wakwera m'malo motsika. N'chifukwa chake muyenera kuyesa x ndi y onse awiri, osati mmodzi yekha.

Cholakwa cha dayamita chimafunika tcheru chapadera, chifukwa chimadutsa maumboni onse a kumene G walowera. Pa pepala la timabokosi diso limaona msanga kuti bowo latenga timabokosi 4 kuchokera mbali ina kukafika mbali inayo, ndipo dzanja limalemba π × 4², kuiwala kuti 4 ndi dayamita, ndipo rediyasi ndi theka lake. Eliya imatuluka 50.27, yowirikiza kanayi, ndipo G amagwera pafupifupi pa (10.2, 2.8), kumanja ndi kumunsi kwa P, komanso pa mzere wa rula womwe uja. Chokugwirani dzanja apa ndi timabokosi tomweto. Bowo lathu likukwana m'kati mwa sikweya ya timabokosi 4 ndi 4, imene eliya yake ndi 16, choncho eliya ya bowo singapose 16. Iyenera kuposa pang'ono magawo atatu mwa anayi a sikweyayo, kutanthauza kuposa 12 pang'ono. Nambala ya 12.566 ikugwirizana ndi zimenezi, pamene 50.27 ikuposa theka la rekitango yonse, chinthu chimene maso akukana.

Werenganinso bwino sikelo ya chithunzi. Funso likanena kuti kabokosi kamodzi kakuimira masentimita 2, njira yotetezeka ndi kuwerengetsa zonse m'timabokosi monga tachitiramu, kenaka n'kuchulukitsa yankho lomaliza lokha ndi 2, ndipo G akhala pa masentimita 16.04 ndi 7.17. Amene amasintha mitunda ina kukhala masentimita n'kusiya rediyasi m'timabokosi amasakaniza miyeso iwiri m'tebulo limodzi, ndipo zimenezi n'zovuta kuzitulukira pambuyo pake.

Kuyesa ndi katoni, msomali ndi ulusi

Ndikulimbikitsa aliyense kuti achite izi ngakhale kamodzi kokha, chifukwa munthu akaona ndi maso kuti masamu alosera zoona, njirayi saiwalanso. Matani chithunzi chanu pa katoni yolimba ndi yosapindika, ndipo guluu mumupake mopyapyala paliponse mofanana kuti asalemeretse mbali imodzi. Dulani m'mphepete ndi bowolo mosamala. Boolani timabowo tiwiri tating'ono kwambiri pa (1, 7) ndi pa (11, 7), tokula pang'ono kuposa msomali wopachikira, kuti katoniyo izitha kulendewera momasuka. Mangani kamwala kapena nati pa ulusi, monga amachitira amisiri omanga nyumba poyesa ngati khoma lawongoka.

Pachikani katoni pa msomali kudzera pa kabowo koyamba, kolekani ulusi pa msomali womwewo, ndipo dikirani mpaka zonse zitasiya kugwedezeka; tsekani zenera, pakuti kamphepo kochokera kuphiri n'kokwanira kukankha katoni. Chinthu cholendewera chimakhazikika pamene G ali kunsi kwenikweni kwa msomali, choncho ulusi ukudutsa pa G. Ikani kadontho pamene ulusi wadutsa m'mphepete mwa katoni, itsitseni, ndipo lembani mzere kuchokera pa kabowo kukafika pa kadonthoko. Ngati masamu athu ali olondola, mzere woyamba udutsa m'bowo lalikulu lija n'kukatulukira pa mbali ya pansi pafupi ndi x wa 15.4. Mukabwereza ndi kabowo kachiwiri, mzere ukatulukira pa mbali yomweyo pafupi ndi x wa 4.9, ndipo pamene mizere iwiriyi yadutsana ndi pa G. Kusiyana kwa mamilimita awiri kapena atatu n'koyembekezeka chifukwa cha kudula kosawongoka ndi kukula kwa ulusi, koma kusiyana kwa kabokosi kathunthu kukutanthauza kuti mwina katoni ikugwira pa msomali kapena pakhoma, mwinanso tebulo lanu lili ndi cholakwa.

Mafunso ena amapitirira n'kufunsa ngodya imene latalo lingapendekere litapachikidwa pa ngodya ya kumwamba kumanzere, pa (0, 8). Kuchokera pamenepo kukafika pa G pali 8.021 motsata mbali ya pamwamba, ndi 8 − 3.585 = 4.415 kulowera m'kati mwa lata. Choncho tan θ = 4.415 ÷ 8.021 = 0.550, ndipo ngodya ya pakati pa mbali ya pamwamba ndi ulusi wolendewera ndi pafupifupi madigiri 28.8.

Pamene njirayi imafunika kusinthidwa

Zonse tanenazi zadalira kuti lata likhale lofanana paliponse. Tiyerekeze kuti thirayango ija yapangidwa ndi malata awiri osanjikizana, pamene rekitango ndi lata limodzi. Pamenepo kabokosi ka m'thirayango kakulemera kawiri, choncho m'tebulo mulemba 48 m'malo mwa 24, ndipo mamomenti ake akhala 672 ndi 128. Bowo likhalabe 12.566 chifukwa labooledwa pa mbali ya lata limodzi. Likanakhala pa mbali yosanjikizayo, nalonso likanawirikizidwa kawiri. Mukaphatikiza mupeza 131.434 pa zogawira, 1197.735 pa x ndi 449.168 pa y, ndipo G asunthira pa (9.11, 3.42), kuyandikira thirayango yolemerayo.

Dziwaninso kuti G akhoza kugwera m'bowo momwemo, pamene palibe chitsulo, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti mwalakwitsa. Wachala ya bawuti ndi chitsanzo chodziwika kwa aliyense, pakuti pakati pa kulemera kwake ndi pakati pa bowo lake. Lata lotere simungalikhazike pa chala, koma ulusi ndi msomali zimagwirabe ntchito: matani kapepala kopepuka kotseka bowolo, ndipo mizere iwiri ija idzadutsana pa kapepalako.